Uthenga wopepesa mnzathu wa kuntchito amene kholo lake lamwalira, m'Chichewa ndi m'Chingerezi

Pamalo ambiri a ntchito m'Malawi muno makalata amalembedwa m'Chingerezi, koma zovuta zikagwa anthu amalira ndi kupepesana m'Chichewa. Munthu amene wapatsidwa udindo wolemba uthenga wopepesa mnzake amene mayi kapena bambo ake amwalira amapezeka ali pakati pa ziyankhulo ziwirizi, makamaka ngati pamalopo pali anthu ochokera kunja amene samva Chichewa, kapena ngati uthengawo ukuyenera kusainidwa ndi akuluakulu a bungwe. Chimene ambiri amachita ndi kulemba m'chiyankhulo chimodzi kenaka n'kumasulira liwu ndi liwu kupita m'chinzake, ndipo ine ndaona kuti uthenga umawonongekera pamenepo. Mauthenga awiriwa ayenera kulembedwa paokhapaokha, chifukwa ngakhale ntchito yawo ndi imodzi, Chichewa chimapepesa m'njira yake ndipo Chingerezi chimapepesanso m'njira yake.

Ndifotokoza zimenezi potsatira maliro amodzi amene anatigwera pa bungwe lina limene ndinkagwirako ntchito mumzinda wa Lilongwe. Mnzathu wina, mayi wa ku gawo la zachuma, anaimba foni Lachitatu m'mamawa kunena kuti mayi ake amwalira usiku wa Lachiwiri kuchipatala, kuti anthu akusonkhana kunyumba kwake ku Kawale, ndipo kuti maliro akaikidwa kumudzi kwawo m'boma la Dedza. Pabungwepo panali Amalawi ambiri komanso anthu ochepa ochokera kunja, mmodzi mwa iwo anali mkulu wa bungwelo.

Chinthu choyamba chimene wolemba ayenera kutsimikiza, asanalembe liwu ngakhale limodzi, ndi chakuti wamwalirayo ndi ndani kwa woferedwayo. Funsoli limaoneka lapafupi, koma ndi pamene Chichewa ndi Chingerezi zimasiyana kwambiri. Kwathu kuno mkulu kapena mng'ono wa mayi ako ndi mayi ako, amene timawatchula kuti mayi aakulu kapena mayi aang'ono, chimodzimodzinso abale aamuna a bambo ako ndi bambo aakulu kapena bambo aang'ono. Chingerezi chimawaika onsewa m'gulu limodzi ndi azakhali ndi amalume, m'mawu akuti "aunt" ndi "uncle", ndipo mawuwa kwa munthu wa ku Ulaya amapereka chithunzi cha wachibale wapatali amene mumakumana naye mwa apo ndi apo. Pamaliro ndikunenawa, amene anamwalira anali mng'ono wa mayi ake omubereka mnzathuyo. Mayi omuberekawo anamwalira iye ali ndi zaka 6, ndipo mayi aang'onowa ndi amene anamulera, kumuphunzitsa sukulu mpaka kumuimira pa ukwati wake. Munthu amene analemba chidziwitso choyamba cha Chingerezi, pofuna kunena zoona zenizeni, analemba kuti mnzathuyo wataya "aunt" wake. Zotsatira zake zinali zakuti mkulu wa bungwe anayankha ndi mzere umodzi wopepesa, n'kufunsa mumzere wachiwiri ngati mnzathuyo adzakhalepo pamsonkhano wa Lachisanu, tsiku lenileni loika maliro. Mkuluyo sanali munthu wouma mtima, koma mawu amene anawerenga ndi amene sanamuuze kukula kwa zovutazo.

Njira yabwino ndi kutsatira mawu amene woferedwayo wagwiritsa ntchito. Ngati iye wanena kuti mayi anga amwalira, m'Chichewa timalemba kuti mayi ndipo m'Chingerezi timalemba kuti "mother", osawonjezera kalikonse. Ngati pakufunika kufotokoza, mwachitsanzo kwa a ofesi yoona za ogwira ntchito amene akuwerengera masiku a tchuthi cha maliro, mawu akuti "the mother who raised her" amanena zoona popanda kuchepetsa ubalewo, ndipo kufotokozako kuchitike pambali, osati mu uthenga wopita kwa woferedwayo. Palibe chimene chimabaya mtima ngati kuwerenga uthenga wopepesa umene ukuyamba ndi kukonza dzina la ubale wako ndi munthu amene ukumulira.

Chachiwiri chofunika kudziwa ndi chipembedzo cha banjalo, chifukwa mawu amene ambiri timawatenga ngati a aliyense si a aliyense. Chiganizo chakuti mzimu wawo uwuse mumtendere ndi chozolowereka kwambiri, ndipo kwa Akatolika chimagwirizana ndi pemphero lopempha mpumulo wosatha kwa omwalira. Koma a Mboni za Yehova ndi a mpingo wa Sabata sakhulupirira kuti pali mzimu umene umapitiriza kukhala ndi moyo munthu akamwalira, iwo amati akufa ali m'tulo kudikira kuuka, kotero kwa iwo mawu onena za chiyembekezo cha kuuka kwa akufa ndi amene amatonthoza. Kwa mnzathu wa Chisilamu, kutchula vesi la m'Baibulo si koyenera, ndipo chimene chimalandiridwa bwino ndi kupempha kuti Mulungu awakhululukire malemuwo ndi kupatsa banjalo chipiriro. Asilamu amaikanso maliro mwachangu, kawirikawiri tsiku lomwelo kapena lotsatira, choncho uthenga umene wachedwa ndi tsiku limodzi umapeza mwambo wonse utatha. Pamene simukudziwa mpingo wa banjalo, pempherani za amoyo osati za womwalirayo: mawu akuti Mulungu akutonthozeni amalowa m'nyumba iliyonse ya anthu opembedza. Mnzathu wa ku Kawale uja anali wa mpingo wa Chipresibateriya, kotero tinasankha mawu amenewa.

Tsopano tifike pa uthenga weniweniwo. Umene ndinamutumizira pafoni Lachitatu m'mawa, ndisanachite china chilichonse, unali wotere:

"Achemwali, pepani kwambiri ndi zovuta zomwe zatigwera. Ndamva m'mawa uno kuti mayi athu atisiya, ndipo ndasowa chonena. Ndikukumbukira mmene anatilandirira kunyumba kwanu chaka chatha, osalola kuti tichoke tisanadye. Za ntchito musadere nkhawa, malipoti a mwezi uno ndiwamaliza ine. Ndifika kusiwa madzulo ano tikaweruka. Mulungu akutonthozeni pamodzi ndi banja lonse."

Uthengawu ndi waufupi, koma pafupifupi liwu lililonse lili ndi chifukwa chake. Ndinayamba ndi kuti achemwali chifukwa ndi mmene tinkaitanirana tsiku ndi tsiku, ndipo pamaliro si nthawi yosintha n'kuyamba kutchulana maudindo. Akanakhala munthu wamkulu kwa ine pamsinkhu kapena paudindo ndikanati mayi kapena bambo, n'kutchula dzina la bambo awo kapena mfunda wawo. Chimene sichisintha ndi ulemu wa mawu ochulukitsa. Ngakhale mnzanu amene mumaseka naye n'kumati iwe, pa uthenga wa maliro mumati pepani osati pepa, ndipo za kholo lake mumati amwalira kapena atisiya, osati wamwalira. Liwu lakuti kufa silikhala bwino ponena za kholo la munthu, chifukwa ndi limene timagwiritsanso ntchito ponena za ziweto. Mawu akuti atsikira kuli chete ndi aulemu, koma amamveka bwino pa chilengezo cha pawailesi kapena pamaliro a mfumu, ndipo mu uthenga wa pakati pa anthu awiri amaoneka ngati mwaima patali.

Onaninso mawu akuti zatigwera ndi akuti mayi athu. Ine sindinali wachibale wa malemuwo, koma m'Chichewa munthu wopepesa amadziika m'kati mwa maliro, amatenga kholo la mnzake ngati lake, chifukwa mwambo wathu umati maliro ndi kulirana. Kulemba kuti zovuta zomwe zakugwerani kapena mayi anu si kulakwa, ndipo ndi mmene mungalembere kwa munthu amene simunazolowerane naye, koma pali kusiyana kwa kutentha kwa mawu kumene woferedwa amakumva msanga. Liwu lakuti zovuta nalonso lili ndi ntchito yake, chifukwa limanena za imfa popanda kuitchula, ndipo aliyense amene anakulira kuno akamva kuti kwa auje kwagwa zovuta safunsanso kuti zovuta zanji.

Ziganizo ziwiri za pakati, cha malipoti ndi cha kufika kusiwa, ndi zimene ndimaziona kuti ndi msana wa uthengawo. Kwathu uthenga wolembedwa sulowa m'malo mwa kukhuza maliro, umangotsogola, ndipo mwini wake amabwera pambuyo kudzakhala pansi ndi anamfedwa. Choncho uthenga wabwino wa Chichewa umanena nthawi imene mufike, kapena ngati simungathe kufika, umanena chifukwa chake mwachidule ndi tsiku limene mudzapite kukapepesa. Lonjezolo liyenera kukhala loti mulikwaniritsa. Chiganizo cha malipoti chimachotsa nkhawa imene mnzanu wa kuntchito yekha ndi amene angaichotse, chifukwa achibale angathe kuphika ndi kulandira alendo koma sangamalize ntchito imene yatsala pa desiki. Kunena kuti mukafuna chilichonse mundiuze kumamusiyira woferedwayo ntchito yoganiza ndi kupempha, zimene munthu amene akuthamangira bokosi ndi galimoto yonyamula maliro sangachite.

Tiyerekeze tsopano kuti uthenga womwewu ukupita kwa mnzathu amene samva Chichewa, kapena kuti munthu wochokera kunja wapempha kuti timuthandize kulembera mnzathu wa ku Kawale uja. Kumasulira liwu ndi liwu kumabala zinthu zosamveka. Mawu akuti pepani ndi maliro amasanduka "sorry with the funeral", chimene si Chingerezi, chifukwa liwu lathu lakuti maliro limanyamula imfa, thupi la womwalira ndi mwambo womwe, pamene liwu la Chingerezilo limangonena mwambo woika m'manda. Liwu lakuti "sorry" likaima lokha limamveka ngati mukupempha chikhululuko pa cholakwa chimene mwachita, kotero limafunika kumalizidwa ndi chimene mwamva. Mawu akuti mayi athu akasanduka "our mother" wowerenga amadabwa, n'kuganiza kuti wolembayo ndi m'bale wake wa bere limodzi. Uthengawo m'Chingerezi ungakhale wotere, dzina la munthuyo litatsogola:

"I am so sorry to hear of the death of your mother. I remember how warmly she welcomed us to your home last year. Please do not worry about work. I will finish this month's reports. I will come to the house this evening. You and your family are in my prayers. There is no need to reply."

Mfundo zake ndi zomwezija, koma zinthu zingapo zasintha. Chingerezi chimalola kutchula imfa mwachindunji, ndipo mawu akuti "death" kapena "died" si achipongwe m'chiyankhulocho monga mmene kufa kungamvekere m'Chichewa, ngakhale amene akufuna kufewetsa angathe kulemba kuti "the passing of your mother". Ulemu umene Chichewa chimauika m'mawu ochulukitsa, Chingerezi chilibe pouika, kotero umaonekera m'ziganizo zathunthu ndi m'kusafupikitsa mawu. Chiganizo cha mapemphero n'choyenera kwa munthu amene mukudziwa kuti amapemphera, ndipo kwa amene simukudziwa za chikhulupiriro chake, monga zimakhalira ndi anthu ambiri ochokera ku Ulaya, mungalembe kuti "I am thinking of you and your family". Chiganizo chomaliza, chomumasula kuti asavutike ndi kuyankha, chimamveka chachifundo m'Chingerezi, koma m'Chichewa ndinachisiya dala, chifukwa kuuza woferedwa kuti musayankhe kumamveka ngati mukutseka khomo, ndipo kwathu palibe amene amayembekezera yankho kuchokera kusiwa.

Vuto lomweli limabweranso pomasulira kuchokera m'Chingerezi kupita m'Chichewa, ndipo ili ndi limene ndimaliona kawirikawiri pa makadi amene amazungulira m'maofesi. Mawu akuti "sorry for your loss" amatembenuzidwa kukhala pepani chifukwa cha kutaya kwanu, amene amamveka ngati munthuyo wataya chikwama cha ndalama. Akuti "my thoughts are with you" amasanduka maganizo anga ali nanu, chiganizo chimene palibe amene anachimvapo pa siwa iliyonse. Chichewa chili ndi mawu ake a ntchito imeneyi, monga tikulira nanu limodzi, kapena tili nanu pa nthawi yovutayi, kapena pepani kwambiri basi, ndipo mawu amenewa safuna thandizo lochokera kwina.

Pali mawu ena amene amayenda bwino m'chiyankhulo chimodzi koma n'kupweteka m'chinzake. Limbani mtima ndi mawu amene amayi a mvano ndi akuluakulu a mpingo amanena atakugwira dzanja, ndipo amamveka ngati chilimbikitso. M'Chingerezi, "be strong" kwa anthu ambiri amamveka ngati lamulo loti asalire. Mawu akuti n'chifuniro cha Mulungu ndimawapewa m'ziyankhulo zonse ziwiri pa uthenga woyamba, makamaka ngati imfayo ndi yangozi kapena yadzidzidzi, chifukwa mawu amenewa amayenera kuchokera pakamwa pa woferedwa mwini kapena pa abusa ake. Chimodzimodzinso kunena kuti anali okalamba, apumula, ngakhale kholo litamwalira lili ndi zaka 90, chifukwa mwana wake sawerenga zakazo ngati chitonthozo pa tsiku loyamba. Funso lakuti anadwala chiyani lisalembedwe mu uthenga, popeza pamwambo pamakhala woimira banja amene amafotokoza mbiri ya malemu ndi mmene matenda anayendera, ndipo zimene banja silinafune kunena pamenepo si zoti mnzawo wa kuntchito azifunse pafoni. Ndiponso zilembo zofupikitsa za RIP ndi MHSRIP, zimene zimadzaza m'magulu a WhatsApp zovuta zikangolengezedwa, sizikwana kukhala uthenga wopita kwa munthu amene mumakhala naye ofesi imodzi chaka chonse. Amaziwerenga zitandandalikana makumi angapo zofanana, osatha kusiyanitsa kuti uyu ndi ndani.

Uthenga wa munthu payekha ndi wosiyana ndi chidziwitso chopita kwa onse a pantchito, ndipo chidziwitsochi ndi chimene chimafunikadi ziyankhulo ziwiri pa tsamba limodzi. Chisanatumizidwe, woferedwayo kapena womuimira avomereze, chifukwa zimachitika kuti wachibale amene ali ku Joni kapena ku Mangalande sanauzidwe, n'kudzamva za imfa ya kholo lake kudzera pa uthenga umene wina waugawa kuchokera m'gulu la ofesi. Titakonza cholakwa cha poyamba chija, chidziwitso chathu cha Chichewa chinati:

"Anzathu nonse, ndi chisoni chachikulu tikukudziwitsani kuti mayi a mnzathu wa ku gawo la zachuma atisiya usiku wa Lachiwiri. Anthu akusonkhana kunyumba ku Kawale. Thupi linyamuka mawa Lachinayi kupita kumudzi ku Dedza, ndipo mwambo woika m'manda udzachitika Lachisanu. Chipepeso chikulandiridwa ndi msungichuma wa komiti ya zachifundo mpaka mawa 10 koloko m'mawa."

Cha Chingerezi chinatalikirako pang'ono:

"It is with deep sadness that we inform you of the death of our colleague's mother on Tuesday night. Mourners are gathering at the family home in Kawale, and everyone is welcome to call in and sit with the family. Burial will take place in Dedza on Friday. It is customary to contribute towards funeral costs. Any amount may be given to the welfare committee treasurer by 10 a.m. on Thursday."

Zimene zawonjezeredwa m'Chingerezi ndi zimene Mmalawi safunika kuuzidwa. Mmalawi akamva kuti anthu akusonkhana ku Kawale amadziwa kale kuti ayenera kupitako, kuti amayi amalowa m'nyumba ndipo abambo amakhala panja, ndiponso kuti sikofunika kunena zambiri ukafika. Mlendo wochokera kumaiko kumene masiku oyamba a maliro amakhala a banja lokha amaopa kuti akafika osaitanidwa asokoneza, choncho chidziwitsocho chiyenera kumuuza poyera kuti khomo ndi lotsegula. Liwu lakuti chipepeso nalonso lilibe lofanana nalo m'Chingerezi. Amalawi ambiri poyankhula Chingerezi amati "condolences" akutanthauza ndalama, pamene kwa mlendo liwulo limangotanthauza mawu opepesa, moti angathe kupita kwa msungichuma ali chimanjamanja n'kukanena kuti pepani, akuganiza kuti wachita zimene anapemphedwa. N'chifukwa chake cha Chingerezi chimatchula poyera za kuthandiza pa zofunika za maliro. Nthawi yotsekera chipepeso iyenera kukhala thupi lisananyamuke, chifukwa ndalamazo zimafunika kwambiri pa bokosi, mafuta a galimoto ndi chakudya cha anthu kumudzi. Ngati ena atumiza kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, nambala ikhale imodzi yokha ndipo dzina la mwini nambalayo lilembedwe, kuti wotumiza atsimikize dzina limene likuoneka pafoni asanavomereze.

Pa funso lakuti chiyankhulo chiti chitsogole pa tsamba, ine ndimatsogoza chimene woferedwayo amayankhula kunyumba kwake. Khadi la ofesi kawirikawiri silithera m'manja mwa mnzathu yekha, limafika kumudzi, kumene woyendetsa mwambo amalengeza zipepeso pamaso pa mfumu ndi anthu onse, ndipo mawu a Chichewa ndi amene angawerengedwe mokweza popanda womasulira. Ngati mnzanuyo ndi Mtumbuka, Myao kapena wa chiyankhulo china ndipo inu simuchidziwa bwino, Chichewa chosavuta chimaposa chiganizo cha chiyankhulo chake chimene mwachilemba molakwitsa, pokhapokha mutapeza mnzanu wa komweko kuti akuthandizeni.

Mkulu wa bungwe uja atawerenga chidziwitso chokonzedwacho anabwera kudzafunsa mawu a Chichewa amene angathe kulemba ndi dzanja lake pansi pa uthenga wake wa Chingerezi. Tinamupatsa awiri okha, akuti pepani kwambiri, ndipo msonkhano wa Lachisanu anausuntha. Mnzathuyo anabwerera kuntchito patapita sabata ndi theka, ndipo m'mawa wa tsiku limenelo amene sanathe kupita ku Dedza ankalowa mu ofesi yake mmodzimmodzi, kumugwira dzanja n'kukhala naye pansi kwa mphindi zochepa, asanayambe kumufunsa za malipoti.